Anthu akutsegula vidiyo yanu n'kuchoka msanga: werengani mzere wa owonera musanajambule ina

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri kwa anthu oika mavidiyo pa YouTube muno mu Blantyre ndi lakuti anthu akudina ndithu, nambala ya owonera ikukwera, koma maola owonera akungokwawa. Munthu akaona zimenezi amayamba kufunsa mitengo ya foni ya kamera yabwino ku Limbe, kapena amati basi kuyambira lero mavidiyo onse azikhala a mphindi zitatu, kapena amangoti Amalawi alibe bandulo yokwanira. Chimodzi mwa zimenezi chikhoza kukhala choona. Koma musanawononge ndalama kapena kusintha kajambulidwe konse, dziwani kuti YouTube Studio imasunga sekondi yeniyeni imene anthu anatsekera vidiyo yanu. Ntchito yanu ndi kupita pa sekondi imeneyo, kuonera zimene zinali kuchitika, ndi kufufuza kuti amene anachokawo anali ndani.

Kumene nambalazi zili

Pa kompyuta tsegulani studio.youtube.com, dinani Content, sankhani vidiyo imodzi, kenako Analytics ndi Engagement. Pa foni njira yake ndi yofanana mu pulogalamu ya YouTube Studio, koma ngati mungapeze kompyuta ngakhale kwa theka la ola, ipezeni, chifukwa pa sikirini yaikulu mumatha kuloza pamzere n'kuona mphindi ndi peresenti yake vidiyo ikusewera pomwepo.

Pali nambala zitatu zimene anthu amazisokoneza. Watch time ndi maola onse amene anthu onse athera pa vidiyoyo. Average view duration ndi nthawi imene munthu mmodzi amakhala, mukagawa maola aja ndi owonera onse. Average percentage viewed ndi nthawi yomweyo poiyerekeza ndi kutalika kwa vidiyo. Zitatuzi zimakuuzani kuti vuto lilipo, koma sizikuuzani pamene lili. Chimene chimaloza malo ndi mzere wa pansi pa mawu akuti Key moments for audience retention. Mzerewu umayambira kumanzere, pamene vidiyo ikuyamba, ndipo pa sekondi iliyonse umasonyeza kuti mwa anthu 100 alionse amene anatsegula, ndi angati amene anali kuonerabe.

Musauwerenge tsiku lomwe mwaika vidiyo. Nambala zake zimatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti zikhazikike. Komanso zizindikiro za pamzerewu, zomwe ndi Top moments, Spikes, Dips ndi Intro, imene imasonyeza peresenti ya anthu amene akuonerabe pofika 0:30, zimafuna kuti vidiyo ikhale ya masekondi 60 kapena kuposa, ndipo ikhale itawoneredwa ka 100. Ngakhale mzere utaoneka anthu ali ochepa, musaukhulupirire kwambiri: pa owonera 40, anthu anayi okha akatseka, mzere umagwa ndi 10 peresenti, chonsecho mwina awiri mwa iwo foni inangowathera moto.

Chitsanzo cha vidiyo ya mandasi

Tiyerekeze mayi wa ku Chilomoni amene amaphunzitsa zophika. Nambala zimene nditchule apa ndi zongoyerekezera kuti tione kawerengedwe kake. Waika vidiyo ya mphindi 8 ya mutu wakuti "Kaphikidwe ka mandasi ofewa". Patatha sabata, yawoneredwa ka 900, Average view duration ndi 2:20, ndipo Average percentage viewed ndi 29 peresenti. Maola ake timawapeza motere:

```
900 x 140 = 126,000
126,000 / 3,600 = 35
```

Masekondi 140 ndiwo mphindi 2 ndi masekondi 20 aja, ndipo 3,600 ndi masekondi a mu ola limodzi. Ndiye kuti vidiyoyi yabweretsa maola 35.

Mayiyu akaona 29 peresenti mtima umamuuza kuti vidiyo inatalika. Tiyeni tiliyese ganizo limeneli. Atati aidule ikhale ya mphindi 4, anthu n'kuonera 45 peresenti, peresentiyo ioneka yokongola, koma 45 peresenti ya masekondi 240 ndi masekondi 108 okha. Owonera 900 omwe aja abweretsa maola 27. Peresenti yakwera, maola atsika. N'chifukwa chake simuyenera kuyerekeza peresenti ya vidiyo yaifupi ndi ya vidiyo yaitali. YouTube yeniyeniyo, ikamakuonetsani mmene mavidiyo anu amachitira nthawi zambiri, imayerekeza ndi mavidiyo anu aposachedwa a kutalika kofanana. Kudula kumathandiza ngati mwachotsa gawo limene anthu akuthawa, osati kungodula kuti vidiyo ifupike.

Tsopano tione mzere wa mayiyu. Pa 0:30 watsika kufika pa 50 peresenti. Kuchoka apo ukutsetsereka pang'onopang'ono mpaka 36 peresenti pa 3:00. Pamenepo wagwa mwadzidzidzi kufika pa 20, kenako wakweranso kufika pa 25 pofika 3:50. Pa 5:10 pali kaphiri kakang'ono. Pa 7:00 uli pa 16, ndipo mphindi yomaliza wagweratu mpaka 4. Malo amenewa alipo anayi, ndipo chifukwa cha malo alionse ndi chosiyana ndi cha anzake.

Poyamba funsani kuti anachokawo ndi ndani

Apa ndi pamene ambiri a ife timalakwitsira kuwerenga, chifukwa cha mmene timafalitsira mavidiyo kuno. Munthu akangomaliza kuika vidiyo amaponya linki mu gulu la WhatsApp la kumpingo, la achibale, la amene anaphunzira nawo ku sekondale, ndi pa Facebook. Anthu amenewa amakukondani, ndipo amadina pofuna kukulemekezani. Koma amalume a ku Ndirande sakufuna kuphika mandasi. Aona nkhope yanu, amva moni, akondwa kuti mwana wawo akuyesetsa, atseka. Iwo sanalakwe, ndipo vidiyo yanunso sinalakwe, koma pamzere akuoneka ngati munthu amene wakhumudwa ndi chiyambi chanu.

Kuti muwasiyanitse, pitani pa Reach muone Traffic source types, kapena tsegulani Advanced mode n'kusankha Traffic source. Pamenepo njira iliyonse imene anthu anadzera ili ndi nambala zakezake. Obwera kudzera pa linki ya WhatsApp ndi Facebook amapezeka pansi pa External, ndipo ena a iwo amagwera mu Direct or unknown. Pa vidiyo ya mandasi ija tiyerekeze kuti External ili ndi anthu 400 amene amakhala 0:50 basi, YouTube search ili ndi anthu 300 amene amakhala 4:00, ndipo 200 otsalawo, amene YouTube inawaonetsa yokha vidiyoyo kudzera pa Suggested videos ndi Browse features, amakhala 2:50. Nkhani yasinthiratu. Munthu amene analemba yekha kuti akufuna kaphikidwe ka mandasi akuonera theka la vidiyo. Amene akukokera 2:20 ija pansi ndi a m'magulu.

Sindikunena kuti musiye kutumizira abale. Tchanelo chatsopano chimayambira pa anthu okudziwani. Koma posankha zosintha, mverani nambala za amene anabwera okha, chifukwa anthu otere ndi amene adzachuluke tchanelo chikamakula. Ndipo potumiza linki, lembani chimene chili mkatimo, mwachitsanzo kuti muli njira yopangitsa mandasi kusauma mawa lake, m'malo mongoti "chonde tionereni". Mukatero amene sakufuna sadina, ndipo mzere wanu umanena zoona.

Nanga bandulo ndi netiweki? Zimakhudza ndithu. Munthu ali mu minibasi yochoka ku Bangwe kupita m'tauni, vidiyo ikuima-ima, amatseka. Koma vuto lotere siligwera anthu onse pa sekondi imodzi. Wina bandulo imuthera pa 1:12, wina pa 4:40, wina magetsi amuzimira pa 6:00. Zimenezi zimapanga mzere wotsetsereka pang'onopang'ono, ngati uja wa pakati pa 0:30 ndi 3:00, ndipo kutsetsereka kotero kumapezeka pafupifupi m'vidiyo iliyonse. Koma anthu ambiri akachoka pa malo amodzi, monga pa 3:00 paja, netiweki sitingaiimbe mlandu. Pali chinachake m'vidiyomo.

Masekondi 30 oyamba

Ngakhale titachotsa a m'magulu aja, kutaya theka la anthu pofika 0:30 ndi kochuluka, ndipo apa ndi pamene pali phindu lalikulu lokonza, chifukwa munthu amene wachoka pa 0:15 watenga mphindi zonse zotsala. Seweretsani chiyambicho muli ndi pepala, mulembe chimene chikuoneka ndi chimene chikumveka pa masekondi asanu alionse.

Pa vidiyo ya mayi uja pepala likhoza kuoneka chonchi. Masekondi 8 oyamba ndi dzina la tchanelo likuzungulira ndi kanyimbo. Kenako moni kwa onse, kuthokoza amene anayankhapo pa vidiyo yatha, ndi kupepesa kuti sabata yatha sanaike kalikonse chifukwa magetsi anavuta. Pa 0:24 akupempha anthu kudina Subscribe. Ufa ukuyamba kuoneka pa 0:41. Munthu amene anadina chifukwa cha chithunzi cha mandasi ofiirira bwino wadikira masekondi 40 osaona ndasi ngakhale limodzi, ndipo sakudziwa kuti sabata yatha kunayenera kukhala vidiyo, poti lero n'koyamba kumuona mayiyu.

Ndikudziwa kuti kwathu kuno kuyamba nkhani osapereka moni n'kupanda ulemu, ndipo sindingauze munthu kuti asiye. Moniwo ukhalepo, koma ukhale wa masekondi atatu, ndipo uzimveka maso a wowonera ali kale pa chimene anabwerera. Chithunzi choyamba chikhale manja akunyema ndasi, mkati mwake mukuoneka kufewa ndi nthunzi, mawu akuti: "Moni nonse, lero ndikuonetsani chimene chimapangitsa mandasi kufewa chonchi mpaka mawa." Zothokoza ndi zopempha Subscribe zisamukire pakati, munthu atalandira kale kanthu.

Pali nambala ina yothandiza kusiyanitsa mavuto awiri ofanana maonekedwe. Pa Reach pali Impressions click-through rate, imene imasonyeza kuti mwa anthu amene YouTube inawaonetsa chithunzi cha vidiyo yanu, ndi angati anadina. Maulendo amene linki yaoneka pa WhatsApp sawerengedwa pamenepa. Ngati nambalayi ili pamwamba kuposa mavidiyo anu ena koma Intro ili pansi, kawirikawiri mutu kapena chithunzi chalonjeza chimene vidiyo sikupereka msanga, kapena sikupereka n'komwe. Mutu ukati mandasi opanda yisiti, vidiyo n'kuyamba ndi kusungunula yisiti, palibe kadulidwe kamene kangawabweze anthuwo. Ngati nambala ya odina ndi yanthawi zonse koma Intro ili pansi, vuto lili m'kachedwedwe ka chiyambi, kapena m'mawu.

Za mawuzi musazipeputse. Mzere ukagwa kwambiri m'masekondi 5 mpaka 10 oyamba, mverani vidiyoyo pa sipika ya foni wamba, osavala zam'makutu, mutaima panja. Mvula pa malata, chigayo cha pafupi, kapena kanyimbo kamene mwakakweza kuposa mawu anu, zimathamangitsa munthu asanaone n'komwe ngati chithunzi n'chabwino. Ngati ndi choncho, ndalama ya foni yatsopano ija ndi bwino ipite ku kamaikolofoni kokoleka pa malaya, kapena mungosintha nthawi yojambulira.

Kugwa kwa pakati: adumpha kapena achoka?

Pa 3:00 mzere unagwa kuchoka pa 36 kufika pa 20, kenako unabwerera pa 25. Kubwerera kumeneku n'kofunika. Anthu amene anatseka sabwerera, ndiye asanu pa 100 aja amene aonekanso pa 3:50 sanachoke, anangodumphira kutsogolo. Akukuuzani kuti vidiyo akuifuna koma gawo ili ayi. Koma 11 pa 100, omwe ndi anthu pafupifupi 100 mwa 900 aja, anapitiratu.

Pofufuza chifukwa, musayambire pamene mzere wafika pansi. Bwererani masekondi 10 kapena 15 kugwa kusanayambe, chifukwa munthu amayamba watopa kaye asanakweze chala. Mayi uja akabwerera pa 2:48 apeza kuti ndi pomwe anayamba kukanda ufa, kamera ili malo amodzi, iye osayankhula kanthu, kwa mphindi yathunthu. Kukanda n'kofunika pa mandasi, koma wowonera safunika kukuona konse. Chimene akufuna kudziwa ndi kuti ufa wokandika bwino umaoneka bwanji. Masekondi 10 a kukanda, kenako kamera pafupi ikuonetsa chala chikudina ufawo n'kubwerera wokha, mayi akunena nthawi imene wakanda, n'zokwanira.

Kugwa kwina kwa pakati kumabwera munthu akapatuka pa nkhani, monga kuyamba kufotokoza za kukwera kwa mtengo wa mafuta ophikira mu msika kwa mphindi yonse. Kwinanso kumabwera pamene funso la pa mutu layankhidwa. Ngati mutu unafunsa chinthu chimodzi ndipo yankho laperekedwa pa 3:00, anthu amachoka okhutira. Pamenepo musabise yankho kumapeto kuti muwasunge, adzakutulukirani n'kuleka kudina mavidiyo anu. Vidiyo yoteroyo ndi imene imayeneradi kufupika, kapena muwauze koyambirira kuti pambuyo pa yankho pali chinthu chachiwiri chimene chimawononga mandasi.

Kaphiri ka pa 5:10 kakusonyeza kuti anthu anabwereza pamenepo, kapena anadumphira pomwepo. Kubwereza n'kumenenso kumachititsa kuti mzere nthawi zina upitirire 100 peresenti. Musafulumire kukondwa, chifukwa munthu amabwereza chimene chamusangalatsa komanso chimene sanachimve. Onerani malowo, muwerengenso zimene anthu alemba pansi pa vidiyo. Ngati ndi pamene mayi anaponya kachidutswa ka ufa m'mafuta poyesa ngati atentha, n'kuoneka bwinobwino kakuyandama, ndiye kuti anthu akufuna zinthu zotere, ndipo mwina mutu wa vidiyo ina wapezeka. Koma ngati ndi pamene anatchula muyeso wa shuga mothamanga atatembenukira kumbali, ndipo anthu atatu afunsa kuti "shuga munati makapu angati?", kaphiriko ndi dandaulo. Miyeso ilembedwe pa sikirini.

Za kumapeto sizifuna mawu ambiri. Pa 7:00 mayi anati "basi anzanga, tafika pamapeto", kenako anatsanzika kwa mphindi yonse. Anthu akamva kutsanzika amanyamuka. Malizani ndi chinthu chomaliza chothandiza, mutchule vidiyo ina yogwirizana nayo, ndipo End screen, timabokosi toti munthu adine vidiyo ina, imene imakhala m'masekondi 5 mpaka 20 omaliza, iwapeze akadalipo.

Choyamba kusintha ndi chiti

Yezani kuchuluka kwa anthu amene mwataya pamodzi ndi nthawi imene inatsala. Kumapeto kunachoka anthu 12 pa 100, koma kunatsala mphindi imodzi yokha. Pa kukanda panachoka 11 pa 100 kutatsala mphindi 5. Pachiyambi panachoka 50 pa 100 kutatsala pafupifupi vidiyo yonse. Choncho chiyambi ndicho choyamba, kukanda kachiwiri, kutsanzika pomaliza.

Mwina munamvapo kuti muzisintha chinthu chimodzi pa vidiyo iliyonse kuti mudziwe chimene chathandiza. Langizoli ndi labwino koma likufunika kulimvetsa. Zinthu zitatu zimene tatchulazi zili pa malo osiyana a mzere, ndiye mukhoza kuzikonza zonse mu vidiyo yotsatira n'kuwerenga chilichonse pachokha. Zimene simuyenera kusintha nthawi yomweyo ndi zimene zimasintha mtundu wa anthu obwera: kalembedwe ka mutu, mtundu wa chithunzi, kutalika kwa vidiyo, ndi magulu amene mumatumizako linki. Vidiyo yotsatira ikakhala ya zitumbuwa, ikhalenso ya mphindi 7 kapena 8, itumizidwe kumene munatumiza ya mandasi, ndipo muiwerenge patatha masiku ofanana.

Powerenga, samalani chinthu chimodzi. Chiyambi chikakonzeka, mzere wonse umakwera, ndipo mukhoza kuganiza kuti pakati paponso pakonzeka pamene sipanasinthe. Yang'anani kuti mwa amene anafika pa malowo, ndi angati anatayika. Pa mandasi, 36 inasanduka 25, kutanthauza kuti pafupifupi atatu mwa 10 alionse amene anafika pa kukanda anachoka. Ngati pa zitumbuwa gawo losinja nthochi latsitsa mzere kuchoka pa 48 kufika pa 42, watayika mmodzi mwa 8 alionse, ndipo kudula kuja kwagwira ntchito. Koma ngati watsika kuchoka pa 48 kufika pa 34, nambala 34 ikuoneka yabwino kuposa 25, chonsecho otayika akadali atatu mwa 10 omwe aja.

Intro ikapanda kusuntha mutakonza chiyambi, bwererani ku Traffic source musanagwetse mphwayi. Mwina sabata imeneyo wina anaponya linki yanu mu gulu lalikulu ndipo External yafufuma. Ngati External sinasinthe, ndipo a YouTube search nawonso akuchokabe msanga, ndiye kuti vuto silinali kuchedwa kwa moni. Tsegulani mawu amene anthuwo analemba pofufuza, omwe amaoneka mukadina pa YouTube search, muwayerekeze ndi zimene zili m'vidiyomo. Mukapeza kuti ambiri akulemba za mandasi a bizinesi, pamene inu mukuphika ochepa a banja, vidiyo yachitatu iyambe ndi muyeso wa ufa wokwanira beseni logulitsa, ndipo mutu wake unene zimenezo.